Gulu la geni ya nsomba lasokonekera: ndifufute ziti, ndisiye ziti?

“Ndine admini wa gulu la pa WhatsApp la ife ochita geni ya nsomba kuno ku Mangochi, tilipo pafupifupi 300. Tinaliyambitsa kuti tiziuzana mitengo ya kumadoko ndi magalimoto opita ku Limbe. Pano mwadzaza malinki a ngongole ndi kubetcha, ena akutchulana akuba, enanso akuti ine ndinadya ndalama za chipepeso. Bambo akunyumba akuti ndingotseka kuti tizilemba maadmini okha. Nditero?”

Ayi mayi, musatseke. Bambo akufuna mupeze mtendere, ndipo mudzaupezadi, koma gulu lidzakhala litafa. Mtengo wa usipa ku Msaka mmawa uno saudziwa admini amene ali pa boma. Amaudziwa mayi amene waima pamchenga akuyang'ana bwato likukocheza. Kuti mwera wavuta ndipo ku Malembo sikunatuluke kanthu, amanena ndi amene wagona kumeneko. Mukatseka pakamwa anthu amenewa, pasanathe sabata wina atsegula gulu lina, onse asamukira komweko, inu n'kutsala ndi maadmini anzanu kumapatsana moni wa mmawa.

Chimene chikukusokonezani n'chakuti mwaika zinthu zitatu m'thumba limodzi. Malinki ndi nkhani ina, kutchulana akuba ndi nkhani ina, ndipo za chipepesozo ndi nkhani inanso. Yoyamba ndi yosavuta n'komwe, yomalizayo ndiye imene imagwetsa maadmini ambiri.

Tiyambe ndi malinki. Ambiri mwa anthu oponya za ngongole yofulumira, za ntchito ku Joni kapena zoti “mwasankhidwa kulandira Mtukula Pakhomo, tumizani ya fomu” sadziwa n'komwe kusiyana kwa utaka ndi kambuzi. Analowa chifukwa linki yoitanira anthu m'gulu lanu inatumizidwa kwina, n'kupitirira kwinanso, ndipo aliyense woidina amangolowa. Ndiye kufufuta mauthenga awo mmodzimmodzi n'kutaya nthawi ngati khomo likadali pululu. Dinani dzina la gulu pamwamba, pitani pamene pali linki yoitanira anthu, musankhe `Reset link`. Yakale ija yafa pomwepo, kulikonse kumene inafika. Kenako lowani mu `Group permissions`, muyatse `Approve new members` ndipo muzimitse `Add other members`. Kuyambira apo wofuna kulowa amadikira pakhomo mpaka admini avomere.

Koma musamangodina kuvomera. Mulembereni kumbali funso limodzi: mumapikula doko liti, ndipo akukudziwani ndani m'gulumu? Wageni weniweni amayankha msanga, nthawi zambiri ndi voisi. Wakuba sayankha, kapena amayankha Chingerezi chosalala chopanda dzina la doko. Nambala yosayamba ndi +265 muiyang'anitsitse, koma musaikane chifukwa cha chimenecho chokha. Kuno kwathu ana ambiri ali ku Joni ndi nambala za +27 ndipo ndi amene amatumiza mpamba wa geni ya amayi awo, komanso chakumalire anthu ena amayenda ndi nambala za +258 za ku Mozambiki. Funso la doko lija ndi limene limasefa bwino.

Pali mtundu wina wa malinki umene umapweteka kwambiri, ndipo apa maadmini amalakwira anthu osalakwa. Mayi amene mwakhala mukukwera naye lole imodzi zaka zambiri, mwadzidzidzi wayamba kulemba kuti anaika 20,000 kwacha n'kulandira 200,000, tumizani pa nambala iyi ya Airtel Money kapena Mpamba. Kawirikawiri si iyeyo. Wina anamuimbira n'kumunamiza kuti awerenge manambala 6 amene anabwera pa meseji, ndipo ndi manambala amenewo akaunti yake inasamukira pa foni ya wakuba. Mudzazindikira ndi kalembedwe: munthu amene amangotumiza mavoisi a Chiyao lero akulemba ziganizo zazitali zachilendo. Fufutani uthengawo, muchotseni kaye m'gulu, ndipo mumuimbire foni wamba, osati ya pa WhatsApp, chifukwa kumeneko ayankha wakubayo. Akalembetsanso nambala yake pa foni yake, wakubayo amatulutsidwa yekha, ndiye mumubwezere m'gulu. Ndipo inu maadmini nonse yatsani `Two-step verification`, loko yachinsinsi yotetezera akaunti yanu ya WhatsApp, lero lomwe, chifukwa akaunti ya admini ikabedwa, wakubayo atha kulowetsa anzake n'kuchotsa ena mmene akufunira.

Otumiza maunyolo a mapemphero ndi nkhani zolembedwa `Forwarded many times` si akuba, ndi abale athu omwewa. Chizindikiro chimenechi chimabwera uthenga ukadutsa m'manja maulendo asanu kapena kuposa, ndipo kuyambira 2020 WhatsApp imalola kuti uthenga wotere upite kumalo amodzi okha pa nthawi. Vuto lake ndi bandulo. Vidiyo imodzi yaitali imadya bandulo ya munthu amene anagula ya tsiku kuti angoona mitengo, ndipo anthu otere amatuluka mwakachetechete. Lamulo likhale limodzi kwa onse, wa ku mzikiti ndi wa ku tchalitchi chimodzimodzi. Mukafufuta ulaliki wa mbali imodzi n'kusiya wa mbali ina, ku Mangochi kuno mwayatsa moto umene simungauzimitse.

Tsopano za kutchulana akuba. Tiyerekeze kuti mayi wina walemba usiku kuti: “Bambo uje wa ku Makawa ndi wakuba, musamagule kwa iye.” Dzanja limathamangira kufufuta. Dikirani kaye, chifukwa mkati mwa chipongwecho muli uthenga umene gulu linapangidwira. Mwina anamutumizira ndalama ya zigoba 40 za usipa wouma, katundu n'kufika zigoba 34, wina wosauma bwino woti wayamba kale kununkha m'thumba. Anzake ayenera kudziwa zimenezo.

Chochita ndi ichi. Gwirani uthengawo, musankhe `Reply privately`, mumuuze kuti: “Mayi, ndichotsa mawu oti wakuba, koma nkhaniyo ilembeninso. Nenani tsiku, zigoba zimene munalipira, zimene zinafika, ndi chithunzi cha meseji ya ndalama mutabisa manambala.” Mukatero fufutani woyamba uja ndi `Delete for everyone`, ndipo mulembe m'gulu mzere umodzi: “Ndachotsa uthenga wa mayi uje chifukwa cha mawu amodzi, aulembanso.” Mzere umenewu musauiwale. Admini akafufuta uthenga wa wina, pamatsala chizindikiro choonetsa kuti wafufuta ndi admini, dzina lake lili pomwepo. Anthu 300 aona dzina lanu osaona chifukwa, ndiye chifukwacho adzipangira okha, ndipo chimene amapanga n'chakuti bamboyo ndi mlamu wanu.

Wonenedwayo mumuimbire, mumupatse tsiku limodzi kuti ayankhe m'gulu momwemo. Osati ola limodzi: mwina ali panyanja, mwina foni ili kotchajitsa. Nthawi zambiri yankho lake limatsegula maso a onse. Atha kunena kuti anayeza usipa ukadali pathandala, ndipo ukamauma ndi kutsenderezeka m'thumba paulendo muyezo umatsika. Pamenepo ena alowerera, wina n'kunena kuti zigoba 6 n'zambiri, wina n'kufunsa amene anaona poyeza, ndipo mapeto ake gulu limagwirizana kuti poyeza pazikhala mboni ndi chithunzi. Kukambirana kumeneku ndiko kuyenera kukhala ndi moyo. Inu si khoti, musagamule. Zikafika poti ndalama zabedwadi, njira ndi ya kupolisi, kapena kwa a komiti ya padoko ngati onse ndi a doko limodzi.

Zimene zimachoka nthawi yomweyo popanda kukambirana

Kutukwana makolo kapena mtundu wa munthu, kutchula wina mfiti, kuulula matenda ake, kuopseza, zithunzi zolaula, ndi kuponya chithunzi cha chiphaso cha unzika cha munthu. Dziko lino lili ndi lamulo la 2016, Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limaletsa kuzunza ndi kuopseza anthu kudzera pa foni ndi pa intaneti, ndipo anthu amangidwapo chifukwa cha zolemba za pa WhatsApp. Musanafufute jambulani sikirinishoti yoonetsa nambala ndi nthawi, muisunge nokha. Mphamvu yofufutira aliyense imatha pakadutsa masiku awiri kapena kupitirira pang'ono, choncho pakhale maadmini atatu, ndipo mmodzi akhale wogona mochedwa, poti mikangano imabuka anthu akadya nsima yamadzulo.

Nanga kutseka kuja? Kuli ndi ntchito yake, koma kwa maola. Anthu akagwirana pakhosi, zimitsani `Send new messages`, mulembe kuti “tatseka mpaka 5 koloko mmawa”, ndipo 5 koloko ikakwana mutseguledi, chifukwa nthawi imeneyo mabwato akubwera ndipo anthu akufuna mitengo. Mukazolowera kutseka sabata iliyonse, anthu amasiya kuliwerengera gululo.

Za chipepeso. Apa sindikunyengererani: uthenga wokudzudzulani inu musaufufute, ndipo wolembayo musamuchotse, ngakhale zikuwawa bwanji. Mukangofufuta, amene amakayika pang'ono atsimikiza, ndipo sikirinishoti yake ikhala itazungulira kale kuyambira ku Namiyasi mpaka ku Makanjira. Musayankhenso ndi voisi ya mphindi zisanu mtima uli m'mwamba, yokumbutsa anthu mmene mwavutikira ndi gululi. Palibe amene anafunsa zimenezo. Anafunsa ndalama, yankhani ndalama: anasonkha anthu angati, zonse pamodzi zinakwana zingati, pochotsa kwa ejenti zinadulidwa zingati, zinaperekedwa tsiku liti, kwa ndani, pamaso pa ndani. Ndalama yodulidwa pochotsayo ndi imene imayambitsa manong'onong'o ambiri, chifukwa osonkha amawerengera zimene anatumiza, ofedwa amawerengera zimene analandira, ndipo pakatipo palibe amene anafotokoza. Ikani mndandandawo ndi `Pin` kwa masiku 7, muyankhe kamodzi kokha. Wina akabwerezanso, mulozereni pamwamba. Akapyola malire n'kuyamba kutukwana, afufute ndi admini wina, osati inu mwini nkhani. Ulendo wotsatira ndalama zizilandiridwa ndi munthu amene si admini, ndipo madzulo aliwonse aziponya mndandanda wa amene apereka.

Malamulo alembeni pamalo ofotokozera gulu, asapitirire asanu, m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo muwanenenso pa voisi chifukwa si onse amawerenga. Otsatsa malonda enieni, monga matumba, mchere ndi malo m'galimoto, apatseni tsiku limodzi pa sabata. Wophwanya lamulo koyamba mulankhuleni kumbali, kachiwiri mumuchenjeze m'gulu, kachitatu atuluke kwa sabata ziwiri. Dziwani kuti amene wachotsedwa ndi admini sangabwerere yekha ndi linki, ndiye lembani tsikulo penapake kuti mudzamubwezere nokha.