Mnyamata wa ku Malindi ndi timitengo 6

"Abale, ndani ali ndi kankhani kakafupi koti ndikawauze ana a kalabu ya masamu Lachisanu, kokhala ndi choti ayesere okha?"

Achemwali, tengani aka, ine ndimakakonda kwambiri.

Pa sukulu ina kufupi ndi Malindi, mphunzitsi wa Sitandade 6 anathyola timitengo 6 ta bango tofanana kutalika, n'kutiika pa tebulo. "Pangani mathirayango 4 ofanana. Osathyola, osapingasa, mbali iliyonse ikhale kamtengo kathunthu." Ana anzeru a kutsogolo aja anayala, kufufuta, kuyalanso. Onse ankathera pamodzimodzi: timitengo 5 tapanga mathirayango 2, kamodzi katsala m'manja.

Kumbuyo kunali mnyamata wina wojombajomba, mwana wa msodzi, amene ankafika m'kalasi akununkha usipa. Anakweza dzanja.

"Iwe? Kuchulukitsa kumene kukukuvuta. Ukatha, mawa ndisesa ndine kalasi ino."

"Aphunzitsi, ndiloleni ndikapangire panja."

Onse anatuluka. Mwana uja anagwada pa mchenga, n'kugoneka timitengo 3 kupanga thirayango imodzi. Kenako anatenga 3 totsala, kalikonse n'kukazika pa ngodya yake, nsonga zake n'kuzikumaniza pamwamba. Mphunzitsi ankangoyang'ana ali chiimire. "Ndikuona imodzi yokha." Mwanayo anati, "Tanjutani, aphunzitsi." Bambo aja ananjuta, nazungulira akuwerenga ndi chala: ya pansi, ya kunyanja, ya kuphiri, ya kumsewu. Zii. Atamufunsa komwe anaziphunzira, anati umu ndi mmene amaimikira mitengo kugombe akafuna kupachikapo nyali posoka ukonde ndi bambo ake. Kutacha, ana anapeza mphunzitsi ali ndi tsache.

Tsono mukamaliza kusimba musawasiye ana pa kuseka pokha, chifukwa nzeru yake ili m'mawerengero. Mathirayango 4 amafuna mbali 12, pomwe timitengo tilipo 6. Ndiye kuti kamtengo kalikonse kayenera kutumikira mathirayango 2. Mukayala pansi, timitengo ta m'mphepete timatumikira thirayango imodzi yokha, n'chifukwa chake pa tebulo sizingatheke ngakhale mutachezera usiku wonse. Mukaimika, m'mphepete simukhalanso.

Chonde, imani pamene mnyamata wakweza dzanja, agawireni timitengo avutike kaye mphindi 10. Timitengo ta machesi n'tofanana kale koma n'tatifupi, timagwa. Bango kapena nsungwi zotalika ngati dzanja zimagwirika bwino, ndipo timibulu ta dongo pa ngodya 4 zija timathandiza kuti chiime. Muyezeretu kutalika kwake, poti kamodzi kakafupika nsonga imapendekera ndipo mathirayango safanananso. Wina akadzapingasa timitengo n'kupanga nyenyezi, muuzeni awerenge: apeza ang'onoang'ono 6 ndi aakulu 2, osati 4.