Kuumba masaya ndi nsagwada ndi kuwala, popanda kupinda nkhope

"Achimwene, ndimajambula zithunzi za zinkhoswe ndi maukwati kuno ku Kasungu. Mkwatibwi wina wadandaula kuti nkhope yake yatuluka yotakata, masaya sakuoneka. Ndinayesa Liquify mu Photoshop, koma njerwa za khoma lakumbuyo zapindika, ndipo mayi ake akuti ameneyu si mwana wawo. Ndinamujambula pakhonde ndi fulashi ya pakamera. Ndimamva za Dodge ndi Burn, kodi zingandithandize?"

Zikuthandizani achimwene. Fulashi ikakhala pamwamba pa kamera, kuwala kumamenya nkhope molunjika, n'kufafaniza timithunzi tonse timene timauza diso kuti apa fupa latukuka, apa mnofu walowa m'kati. Nkhope yopanda mithunzi imaoneka yaphwatalala ngakhale mwiniyo atakhala wochepa thupi. Chimene chasowa pa chithunzi chanucho ndi mthunzi, ndiye ntchito yathu ndi kuubwezera pamalo pake. Liquify imakoka mapikiselo, n'chifukwa chake njerwa zinatsatira, ndipo imasintha mtunda wa pakati pa maso, mphuno ndi pakamwa, umene makolo amazindikirira mwana wawo. Dodge ndi Burn, komwe ndi kuwalitsa ndi kudetsa, sikusuntha kanthu. Chilichonse chimakhala pomwe chinali, kumangosintha kuwala kokha.

Musagwiritse zida za Dodge Tool ndi Burn Tool mwachindunji pa chithunzi, chifukwa mukapyola muyeso kubwerera kumavuta. Ine ndimatsegula maleya awiri a Curves. Pa yoyamba ndimagwira pakati pa mzere n'kukwezera m'mwamba pang'ono, Input 128 ifike cha pa Output 155. Pa yachiwiri ndimatsitsa, 128 ifike cha pa 100. Kenako ndimadina masiki ya leya iliyonse n'kukanikiza `Ctrl+I` kuti ide, motero chithunzi chimabwerera mmene chinalili. Tsopano paliponse pamene mungapake burashi yoyera pa masiki yoyamba pawala, pa yachiwiri pada. Burashi ikhale ya Hardness 0%, Opacity 100%, koma Flow pa 1% kapena 2%. Flow yotsika chonchi ndiyo imapulumutsa amene tikugwira ndi mawusi, chifukwa mukadutsa kamodzi simuona kusintha, kumabwera pang'onopang'ono mukamabwereza.

Musanapake, khalani kaye phee muyang'ane komwe kuwala kukuchokera. Pakhonde, ngakhale fulashi yaphulika, mbali yoyang'ana pabwalo imakhala yowalako kuposa yoyang'ana kukhoma. Timadontho towala ta m'maso tikuuzani, komanso kamthunzi ka m'mbali mwa mphuno. Tinene kuti kwa mkwatibwi wanuyu bwalo lili kumanzere kwa chithunzi. Ndiye tsaya lakumanzere lilandira kuwala kochuluka, lakumanja lilandira mthunzi wochulukirapo. Mukapaka mbali zonse mofanana ndendende, nkhope imaoneka yopentedwa, ndipo munthu amaona kuti china chalakwika ngakhale sangathe kuloza kuti n'chiyani.

Yambani ndi mthunzi wa pansi pa fupa la tsaya. Dzigwireni nokha pankhope: kuyambira pa khomo la khutu kutsika molunjika kungodya ya pakamwa, chala chimva kadzenje pansi pa fupa. Mthunzi umakhala mmenemo. Tengani burashi yaikulu, yofanana ndi diso lonse la munthuyo pa sikirini kapena kuposerapo, muyambire pafupi ndi khutu pomwe payenera kuda kwambiri, muzichepetsa mukamatsika. Imani mukafika pansi pa ngodya yakunja ya diso. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Mthunzi ukafika mpaka pakamwa, mtsikana wa zaka 24 amaoneka wowonda ndi matenda kapena wokalamba, ndipo ukatsika kwambiri tsaya limaoneka logwa. Ndiponso ngati akumwetulira, masaya amakwera n'kufufuma, kadzenje kaja kamasunthira kumbuyo, choncho tsatani mmene nkhope ilili pa chithunzicho.

Kuwala kumapita pamwamba pa fupalo, kuchokera pansi pa ngodya yakunja ya diso kukwera cha kutsitsi la m'mbali mwa mutu. Kukhale kochepa kuposa mmene mtima ukufunira. Mwezi wa Okutobala ku Kasungu mukudziwa mmene kumatenthera, mkwatibwi amakhala atatuluka kale thukuta, ndipo fulashi imasiya malo onyezimira pamasaya ndi pachipumi. Pamene panyezimira kale musawonjezerepo. Walitsani m'mphepete mwake kuti kunyezimirako kusungunuke bwino.

Khungu lathu lakuda lili ndi khalidwe lake. Mukaliwalitsa kwambiri limatuwa ngati la munthu wosamba osadzola mafuta, ndipo mukalidetsa ndi Curves nthawi zina limafiira kapena kupita kuchikasu chakupsa. Leya yodetsa ikafiiritsa khungu, isintheni kuchoka pa Normal kupita pa Luminosity. Pamene patuwa, tsegulani leya ya Hue/Saturation, mukopere masiki ya leya yowalitsa pogwira `Alt` uku mukuikokera pa leya yatsopanoyo, mukweze Saturation pang'ono, cha pa +5. Ndikupemphaninso chinthu chimodzi chimene chimandikhudza mtima: burashi yowalitsayi isasanduke njira yoyeretsera munthu. Yerekezani nkhope ndi khosi ndi manja. Ngati zasiyana mtundu, mwapyola, ndipo mwamulanda mkwatibwi khungu lake.

Nsagwada ndi yosavuta mukadziwa mbali yoyenera kupaka. Mthunzi umapita pakhosi, pansi penipeni pa fupa, kuyambira kunsi kwa khutu mpaka pansi pa chibwano, wakuda pafupi ndi fupa n'kumazimirira potsika. Ukakwera kulowa pankhope, mkazi amaoneka ngati akumera ndevu. Chepetsani burashi, mudutse kangapo pamphepete pa fupalo ndi leya yowalitsa, mbali ya kubwalo yokha. Kusiyana kwa mphepete yowala ndi khosi lodera n'kumene kumatulutsa mzere wa nsagwada. Ngati ali ndi kamnofu pansi pa chibwano kamene fulashi yakawalitsa, kadetseni mpaka kafanane ndi khosi, kabwerera m'mbuyo kokha. Samalani ndolo, mkanda ndi kolala ya chovala choyera kuti burashi isazidetse. Ikadutsapo, kanikizani `X` burashi ikhale yakuda mufufute.

Koma malire alipo, ndipo muuzeni mkwatibwi poyera. Pomwe nkhope yagundana ndi khoma, mzere wakunjawo susintha. Kuwala kumapangitsa diso kuona nkhope yozama ndi yoongoka, koma sikuchotsa mnofu. Chithunzi chojambulidwa pafupi kwambiri ndi lenzi yotakata, kapena kuchokera m'munsi, chidzakhalabe ndi chibwano chachikulu.

Poyesa ntchito, ikani pamwamba pa zonse leya ya Black & White kwakanthawi. Mtundu ukachoka, mabala a burashi amaonekera msanga, mizere yakuda kapena zigamba. Mukawaona, dinani masikiyo, mu Properties mukweze Feather pang'ono kuti zisalale. Kenako chepetsani chithunzi mpaka nkhope ikhale yaing'ono ngati mmene idzaonekere pa foni, popeza abale ambiri adzachiona pa WhatsApp. Muzimitse ndi kuyatsa maleya awiri aja. Ngati nkhope ikudumpha, aikeni mu gulu limodzi ndi `Ctrl+G` mutsitse Opacity kufika cha pa 60%. Musaiwale kufufuta leya ya Black & White musanasunge.

Bwererani ku chithunzi choyambirira chimene simunachipinde, muyambire pamenepo. Pa chinkhoswe chikubwerachi, muimikeni mkwatibwi chammbali pakhonde, bwalo likhale kumbali imodzi ya nkhope, muzimitse fulashi kapena muilozetse kukhoma loyera ngati mutu wa fulashiyo umatembenuka. Mithunzi ya masaya idzabwera yokha mu kamera, ndipo burashi idzangotsala yongowonjezera pang'ono. Mukamaliza nditumizireni zithunzi zonse ziwiri, choyamba ndi chokonzedwa, ndione mmene nsagwada yatulukira.