Apu yawerenga ekisirei ya mayi anga, ndipitebe kwa dokotala?

"Mayi anga akutsokomola mwezi wachiwiri uno, anajambulitsa ekisirei ya pachifuwa dzulo. Ndaijambula pafoni nkuiika mu apu, yati pali mthunzi kumtunda kwa phapo lakumanja komanso mtima ndi waukulu, mwina TB kapena khansa. Tsiku lokaonana ndi dokotala ndi Lachinayi. Tipitebe, nanga tikafunse chani?"

Achemwali pepani ndi matendawa, Lachinayilo musalephere chonde. Ine ntchito yanga ndi yojambula ma ekisirei omwewa zaka zambiri ndithu, koma ngakhale ineyo sindilemba lipoti, wojambula ndi wina, rediyolojisiti ndi wina, iyeyo ndi dokotala amene anakaphunziranso zaka zina zowerenga zithunzi.

Ndiyambe ndi za mtimazo poti mwina ndi zimene zakusowetsani tulo. Yang'anani pakona pa filimuyo ngati palembedwa PA kapena AP. PA ndi pomwe munthu waimirira chifuwa atagunditsa pa bolodi, kuwala kukulowera kumsana. AP timajambula odwala amene sangathe kuimirira, atakhala kapena chogona, ndiye poti mtima uli kutsogolo umatalikirana ndi bolodi nkuoneka waukulu kuposa mmene ulili, ngati chithunzithunzi cha dzanja pakhoma ukaliyandikiza ku nyali. Lamulo loti mtima usapitirire theka la m'lifupi mwa chifuwa limagwira pa PA basi. Komanso ngati mayi sanakoke mpweya wokwanira pojambula, mtima umaonekanso wotambasuka. Apu siinawaone mayi akujambulidwa, yaona chithunzi cha chithunzi, chojambula pafoni mwina filimu mutaigwira pawindo, ndipo tinthu tating'ono tambiri timafufutika pamenepo, makamaka kumtunda kuseli kwa mafupa a m'munsi mwa khosi ndi kuseli kwa mtima komwe matenda amakonda kubisala.

Za mthunzi wa kumtundawo nde pofunika munthu kwambiri. TB imakondadi kumtunda kwa mapapo, zoona, koma munthu amene anadwalapo TB kalekale nkuchira amatsala ndi chipsera malo omwewo, ndipo pa filimu imodzi chipsera ndi matenda amene ali moyo zimatha kufanana kwambiri. Chibayo chimapanganso mthunzi, chotupa chimodzimodzi. Ndinajambulapo agogo ena amene ana awo anabwera maso ali ofiira ndi kulira ati khansa, mwamwayi mmodzi anatenga filimu yakale mu envelopu yakhaki itapindika m'makona. Adokotala anaika ziwirizo pambalipambali pa bokosi la magetsi, mthunzi womwewo, malo omwewo, kukula komweko, chinali chipsera cha TB imene anamwera mankhwala zaka zapitazo. Anawayezabe makhololo chifukwa ankatsokomola, koma nkhani inali itasintha kale. Ndiye ngati kunyumba kuli filimu yakale iliyonse itengeni, pamodzi ndi buku la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa.

Sikuti makompyuta ngachabe ayi. Mu 2021 bungwe la WHO linavomereza mapulogalamu owerenga ekisirei pofufuza TB kwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo, koma amenewo anayesedwa pa ntchito imodzi yokhayo, amalandira chithunzi kuchokera mu mashini ojambulira, ndipo chimene amachita nkuloza amene akayezedwe makhololo. Wotsimikiza ndi makhololowo pa mashini a GeneXpert.

Mukalowa muuzeni dokotala kaye zimene apu siikudziwa, kuti chifuwa chinayamba liti, ngati akutuluka thukuta usiku, akuonda, makhololo ali ndi magazi, anadwalapo TB, amasuta kapena amaphikira pa nkhuni m'nyumba ya utsi. Kenako funsani kuti filimuyi waiwerenga ndani ndipo pali lipoti lolembedwa? Ma rediyolojisiti kwathu kuno ndi ochepa, kawirikawiri amawerenga ndi dokotala kapena kilinikala ofesa amene akuona wodwalayo, palibe cholakwika, koma ngati akukaika funsani mwaulemu ngati chithunzicho chingatumizidwe kwa katswiri ku chipatala chachikulu ngati Kamuzu Central kapena Queens. Funsani ngati chithunzicho chinajambulidwa bwino kapena nchofunika kubwereza, mthunziwo akuona ngati ndi watsopano kapena wakale, ndipo makhololo ayezedwa liti. Ngati mayi sanayezetse HIV posachedwa pemphani ayezedwe, chifukwa chitetezo chikatsika kwambiri TB imaoneka mosiyana pa filimu, nthawi zina mpaka filimu kuoneka yabwinobwino matenda alipo.

Funso limene ambiri amaiwala ndi ili: makhololo akapezeka opanda TB ndiye titani? Musatuluke musanamve yankho lake. Akati ndi chibayo nkupereka mankhwala, funsani tsiku lodzajambulanso, nthawi zambiri pakadutsa masabata 6, chifukwa mthunzi wa chibayo umayenera kuchepa kapena kuchoka, ukakhalapobe mpamene amaganiza za sikani ya CT kapena kutapa kanyama kokayeza. Za mtimazo funsani ngati pakufunika eko, sikani yoona mmene mtima ukugwirira ntchito.

Koma ngati mayi ayamba kubanika, kutsokomola magazi ambiri kapena kusokonezeka mutu, musadikire Lachinayi, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale usiku.