Kusaina kontirakiti kampani isanalembetsedwe: ngongole ikhala ya ndani?

"Ine ndi anzanga awiri tikuyambitsa kampani yosindikiza mapepala. Mafomu tinapereka kale koma satifiketi sinatuluke. Landilodi akufuna tisaine lendi ya zaka ziwiri sabata ino, apo ayi apereka malowo kwa wina. Anzanga akuti ndisaine ine m'dzina la kampani, akuti zikavuta ngongole ndi ya kampani. Zoona?"

Achimwene, anzanuwo akulakwitsa, ndipo amene angavulale nazo ndi inu wogwira cholembera. Mukasaina sabata ino, m'maiko ambiri lamulo lidzaona inuyo kuti ndiye mwachita lendi, ngakhale mutalemba dzina la kampani pamwamba pa siginecha yanu.

Pa lamulo, kampani imakhala munthu payokha kuyambira tsiku lolembedwa pa satifiketi yake. Tsikulo lisanafike kulibe kampani, kuli anthu atatu okhala ndi maganizo oyambitsa kampani. Kupereka mafomu, kusungitsa dzina, kudinditsa chidindo, zonsezi sizisintha kanthu. Ndiye mukati "ndikusainira kampani" mukunena kuti mwatumidwa, koma wokutumaniyo kulibe. Zili ngati kugula katundu pa ngongole m'dzina la mwana amene sanabadwe: wogulitsa akafuna ndalama zake adzagogoda pa khomo la amene analankhula naye.

Nkhaniyi inagamulidwa kalekale ku England pa mlandu wa Kelner ndi Baxter m'chaka cha 1866, ndipo makhoti a maiko amene anatengera malamulo a ku England amautchulabe. Baxter ndi anzake ankayambitsa kampani ya hotela. Anagula vinyo wa mapaundi 900 kwa Kelner, nasaina kuti akuchita izi m'malo mwa kampani imene ikukonzedwa. Kampani inalembetsedwa, akuluakulu ake anavomereza kuti mgwirizanowo ndi wawo, vinyo anatha, kenako hotela inagwa isanalipire. Kelner anasumira amene anasaina aja, ndipo khoti linati alipire za m'thumba mwawo. Oweruza anati pepalalo linayenera kumanga munthu wina wake, ndipo popeza kampani kunalibe, omangidwa ndi amene analisaina. Anatinso kampani singavomereze pambuyo pake chinthu chimene chinachitika iyo isanakhalepo. Mfundo yachiwiriyi ndi imene anthu ambiri saidziwa. Amaganiza kuti satifiketi ikangotuluka, ngongole zonse zoyambirira zimasamukira zokha ku kampani. Pa lamulo lakalelo sizisamuka, ngakhale madayirekitala atakhala pansi n'kulemba maminitsi ovomereza.

Mwina wina akuuzani kuti pali kasainidwe kopulumukira. Zimenezo zikuchokera pa mlandu wa Newborne ndi Sensolid wa m'zaka za m'ma 1950. Newborne anagulitsa mabokosi 200 a nyama ya m'zitini, nalemba dzina la kampani yake ngati wogulitsa, dzina lake pansi pake. Mtengo utatsika, ogula anakana katundu, ndipo zinapezeka kuti kampaniyo inali isanalembetsedwe pa tsiku losainalo. Khoti linati panalibe mgwirizano uliwonse, chifukwa wogulitsa wolembedwa papepala kunalibe, ndipo Newborne payekha sanali mbali ya mgwirizanowo. Taonani bwino amene anataya pamenepo: ndi woyambitsa kampani yemweyo. Kwa inu zikanatanthauza kuti landilodi akapeza wina wolipira zambiri, atha kukutulutsani makina muli mutaika kale, opanda pepala lokutetezani. Ndiye kasainidwe kameneko musakadalire.

Ku England komweko anatseka mpata umenewu ndi lamulo la 1972, limene lero lili mu gawo 51 la lamulo la makampani la 2006. Limati aliyense wochita mgwirizano m'dzina la kampani imene sinakhalepo, mgwirizanowo ndi wake ndipo ali ndi mlandu payekha, pokhapokha pakhale kugwirizana kwina kotsutsana ndi zimenezi. Pa mlandu wa Phonogram ndi Lane mu 1981, Lane anasainira mapaundi 6,000 m'malo mwa kampani yoyang'anira gulu la oimba, kampani imene sinalembetsedwe n'komwe. Mbali zonse ziwiri zinkadziwa kuti kampani kulibe. Lane anati mawu oti "m'malo mwa" akusonyeza kuti iye sanadzimange. Khoti linakana, linati mawu amenewo paokha sakwanira, pafunika kugwirizana koonekeratu kuti wosainayo sadzafunsidwa, ndipo analamulidwa kubweza ndalamazo. Chotero ngakhale landilodi wanu akudziwa bwino lomwe kuti satifiketi sinatuluke, kudziwa kwakeko sikukumasulani.

Maiko ena anafewetsa lamuloli polola kampani kutenga mgwirizanowo ikalembetsedwa, ndipo apa m'pofunika kuti loya akuwerengereni lamulo la makampani la dziko limene mukulembetsa. Ku South Africa, gawo 21 la lamulo la 2008 limati mgwirizanowo ukhale wolembedwa, ndipo madayirekitala ali ndi miyezi 3 kuchokera tsiku lolembetsa kuti auvomereze kapena aukane. Akangokhala chete miyeziyo n'kutha, lamulo limatenga kuti avomereza. Akavomereza, wosaina uja amamasuka. Koma kampani ikapanda kulembetsedwa, kapena ikaukana, amabwerera kwa wosaina. Ku Australia, gawo 131 la lamulo la 2001 limalolanso kuvomereza pa nthawi imene mbali ziwiri zinagwirizana kapena pa nthawi yoyenerera, komabe limapatsa khoti mphamvu yolamula wosainayo kulipira ngati kampani yavomereza kenako n'kulephera kukwaniritsa. Ndikutchula ziwirizi kuti muone kuti ngakhale kumene kuvomereza kumaloledwa, kumasuka kwanu sikofanana paliponse. Ndipo konseko, kuyambira tsiku losaina kufikira tsiku limene kampani yavomereza, katundu ali pamutu panu.

Tiyeni tiike pa nkhani yanu. Mwasaina lendi ya miyezi 24. Satifiketi yatuluka patapita milungu itatu, mwalowa m'nyumba, lendi ikuchoka ku akaunti ya kampani mwezi ndi mwezi, aliyense waiwala za pepala lija. Mwezi wachisanu ndi chitatu bizinesi yavuta, mwatseka. Kwatsala miyezi 16. Loya wa landilodi akatsegula failo, choyamba amaika mapepala awiri pambali n'pambali: tsiku la pa kontirakiti ndi tsiku la pa satifiketi. Akaona kuti kontirakiti inasainidwa kampani isanalembetsedwe, sataya nthawi ndi kampani yopanda ndalama. Kalata imabwera m'dzina lanu, yofuna lendi yotsala kapena zimene landilodi wataya. Mudzati kampani ndi imene inkalipira miyezi yonseyi. Kumene lamulo lakale likugwirabe ntchito, kulipira kokhako nthawi zambiri sikutengedwa ngati mgwirizano watsopano, makamaka ngati kampani inkalipira poganiza kuti pepala lakale lija likuimanga. Mudzati tinali atatu. Papepala pali siginecha imodzi. Mutha kuwatsata anzanuwo kuti agawane nanu, koma umenewo ndi mlandu wina, wa ndalama zanu ndi nthawi yanu, ndipo popanda cholembedwa zidzangokhala zokanizana.

Ine ndikanakhala inu, choyamba ndikanayesa kupewa kusaina lendi yonseyo. Landilodi chimene akuopa n'chakuti malo akhala opanda munthu. Mupatseni dipoziti, mulemberane kapepala kakafupi koti akusungirani malowo kwa masiku 30, ndipo kontirakiti yeniyeni idzasainidwa ndi kampani satifiketi ikatuluka. Zikalephereka, chimene mungataye ndi dipoziti yokhayo. Kapepalako kanene ngati dipoziti idzabwezedwa kapena ayi.

Akakana, sainani, koma musaine nonse atatu, aliyense ndi dzina lake, ndipo kontirakiti inene poyera kuti kampani sinalembetsedwe. Musabise zimenezi. Kumuuza munthu kuti kampani ilipo pamene kulibe kumabweretsa mlandu wina wa bodza pamwamba pa ngongoleyo. Kenako muikemo ndime yonena zinthu zitatu m'mawu osazungulira: kuti kampani ikalembetsedwa landilodi akuvomera kuchita nayo mgwirizano pa mfundo zomwezo, kuti kampani ikangosaina inu atatu mwamasuka pa lendi ya m'tsogolo, ndi kuti satifiketi ikapanda kutuluka pofika tsiku lakuti, mbali iliyonse itha kuthetsa mgwirizano polipira zakuti. Chachitatuchi anthu amachiiwala chifukwa amaona ngati kulembetsa sikungalephereke. Kumalephereka, achimwene. Dzina limakanidwa chifukwa likufanana ndi la kampani ina, mafomu amabwezedwa, kapena mmodzi mwa atatu amasintha maganizo.

Ndiye satifiketi ikatuluka, musachedwe. Madayirekitala akumane, alembe chigamulo chotenga mgwirizanowo, potchula tsiku lake ndi malo ake. Koma musaimire pa maminitsi. Pangani pepala limodzi losainidwa ndi mbali zitatu, landilodi, kampani ndi inu oyambitsa, lonena kuti kampani yalowa m'malo mwanu ndipo landilodi wakumasulani. Siginecha ya landilodi ndi imene ili ndi mphamvu apa, chifukwa munthu amene muli naye ngongole ndi yekhayo angakukhululukireni, anzanu sangatero mwa kungogwirizana paokha. Njira imeneyi imagwira ntchito kumene kuvomereza kumaloledwa ndi kumene sikuloledwa komwe. Onetsetsani kuti dzina la kampani pa pepalalo likufanana ndendende ndi la pa satifiketi, ndi nambala yake yolembetsera.

Konzekerani kuti landilodi atha kunena kuti kampani yatsopano ilibe katundu, choncho akufuna wina mwa inu aikire kumbuyo lendiyo payekha. Ndi ufulu wake kupempha zimenezo, ndipo ambiri amapempha. Mukavomera, mwabwerera pomwe munali, kungoti tsopano mwalowamo mukudziwa. Pamenepo kambiranani malire: chikole chanu chikhale cha lendi ya miyezi 3 kapena 6, osati 24 yonse, chithe pakatha chaka choyamba ngati kampani yalipira bwino, ndipo chigawidwe pakati pa nonse atatu.

Pakati pa inu atatu lemberanani lero lomwe, musanapite kwa landilodi: aliyense waika zingati, zikavuta mudzagawana bwanji ngongole, ndipo kampani ikalembetsedwa idzabweza ndalama zimene aliyense waononga. Kampani siikakamizidwa yokha kubweza dipoziti kapena ndalama za loya zimene munalipira isanabadwe, imafunika ivomere. Sungani malisiti onse m'dzina la amene analipira. Ndipo ngati mwaoda kale makina osindikizira kapena mapepala pa ngongole m'dzina la kampaniyi, mainivoisi amenewo ali ndi vuto lomweli, ndiye muwatenge pamodzi ndi kontirakiti ya lendi popita kwa loya.