Choyezera mvula: kutchera ndi kulemba

"Ndagula choyezera mvula cha kumunda kwanga ku Malindi. Chimagwira bwanji, ndipo ndizilemba motani?"

Achimwene, mvula imagwera pakamwa pa fanulo n'kutsikira m'botolo, pomwe dzuwa siliumitsa madziwo msanga. Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa sikweya mita imodzi.

Vuto lalikulu ndi malo. Chiimikeni chilili pabwalo, kutali ndi mtengo kapena denga kawiri kutalika kwake. Ngati mtengo wa mango ndi wamamita 6, talikirani mamita 12. Mwera ukamawomba, choyezera chopendekeka chimanama.

Werengani 8 koloko m'mawa tsiku lililonse. Thirani madziwo m'galasi lake loyezera, osati la choyezera china, diso lilingane ndi pakati pamene pamwamba pa madziwo palowa pansi. Mukapeza mamilimita 14 Lachitatu m'mawa, lembani pa Lachiwiri, chifukwa ndi mvula ya maola 24 apitawo. Kenako khuthulani.

Kukapanda mvula lembani 0. Mukajomba, lembani kuti simunayeze, ndipo muonetse kuti madzi otsatirawo ndi a masiku awiri. Muzisuzumiranso m'fanulo, chifukwa masamba ndi akangaude amatseka.