Kukwera kwa 0.2 kokha, dzira latuluka?

"Ndakhala ndikuyeza kutentha kwa thupi m'mawa uliwonse kuno ku Chilomoni. Kwangokwera pang'ono, kuchoka pa 36.4 kufika pa 36.6. Kodi dzira latuluka?"

Achemwali, musayembekezere kukwera kwakukulu ngati kwa malungo. Dzira likatuluka, homoni ya polojesiteroni imakweza kutentha ndi madigiri 0.2 mpaka 0.5 basi.

Koma tsiku limodzi musalikhulupirire. Onani masiku 6 a m'mbuyo, mulembe mzere pa nambala yaikulu, tinene 36.40. Masiku 3 otsatizana akhale pamwamba pa mzerewo, lachitatulo lipose ndi 0.2: mwachitsanzo 36.52, 36.55, 36.63. Zikatero, dzira linatuluka chakumayambiriro kwa kukwerako. Kukakwera lero mawa n'kutsika, yambaninso kuwerenga.

Yezani mukangotsegula maso, musanatsike pabedi ngakhale kukataya madzi, nthawi yomweyomweyo, mutagona maola osachepera 3. Choyezera chikhale pafupi ndi pilo, makamaka choonetsa manambala awiri pambuyo pa kadontho. Tsiku limene mwadwala, mwamwa mowa kapena mwachezera ndi mwana usiku, lembani pambali, chifukwa limasokoneza.

Ngati mukufuna pathupi, dziwani kuti tchati cha kutentha kwa thupichi chimanena zomwe zachitika kale. Masiku abwino ndi a kukwerako kusanayambe. Kutentha kukakhalabe pamwamba masiku 18 osasamba, kayezetseni mimba.