Imelo yopepesa wantchito amene waferedwa

"Abale, ndithandizeni. Ndimayang'anira ofesi yaing'ono ku Lilongwe kuno, ndipo mayi amene amatisungira mabuku a ndalama, amayi awo amwalira usiku wathawu kwawo ku Ntcheu. Ndikufuna kuwalembera imelo yopepesa m'dzina la kampani. Ndilembemo chiyani?"

Pepani ndi zovutazi, bwana. Musanakhudze kompyuta, ayimbireni kaye foni lero lomwe, ngakhale kwa mphindi ziwiri. Munthu amene ali m'basi kuthamangira ku Ntcheu, kapena wakhala pamphasa m'nyumba ya siwa, satsegula imelo ya kuntchito. Imeloyo ibwere pambuyo, ndipo mawu omwewo muwatumizenso pa WhatsApp kuti awaone akadali kumudzi.

Nanga imelo ndi ya chiyani ngati mwayimba kale? Ine ndagwira ntchito yoona za antchito kwa zaka zambiri, ndipo ndaona kuti namfedwa amakhala ndi mafunso atatu amene amachita manyazi kufunsa abwana: ndikhale masiku angati, kampani indithandiza chiyani, nanga ntchito yomwe ndasiya pa tebulo itani? Pafoni anthu amangoti "khalani kaye, musadandaule," koma mawu amenewo samuuza munthu tsiku lobwerera. Ndiye amaika maliro Lachinayi, Lachisanu m'mawa ali kale pa depoti, abale asanakhale pansi n'komwe kukambirana za pakhomo, poopa kudulidwa malipiro. Imelo yanu iyankhe mafunso atatuwo ndi manambala enieni. Tsegulani buku la malamulo a pakampani panu muone masiku a maliro ndi chipepeso chomwe linalemba, kenako mulembe chonchi, kusintha manambalawo kuti agwirizane ndi anu:

"Mayi Phiri, tamva ndi chisoni chachikulu za imfa ya amayi anu. Ine pamodzi ndi anzanu onse a muofesi tikuti pepani kwambiri, ndipo mutipepesere kwa abale onse kumudziko. Kampani yakupatsani masiku 5 a maliro, kuyambira lero Lachitatu mpaka Lachiwiri sabata yamawa, ndipo malipiro anu sadulidwa. Ngati mungafune masiku ena, ingonditumizirani uthenga, tidzakonza. Chipepeso cha kampani, K200,000, tatumiza pa nambala yanu ya Airtel Money masana ano. Za ntchito musaziganizire, tagawana kale. Mukatiuza tsiku ndi nthawi ya mwambo woika maliro, anzanu atatu abwera kudzakhuza m'malo mwa tonse. Mulungu akutonthozeni."

Zakwana pamenepo. Musaonjezere ulaliki wautali, ndipo musafunse kuti anadwala chiyani. Mzere womalizawo muulembe molingana ndi chipembedzo cha iwowo, osati chanu. Ngati banjalo ndi la Chisilamu, dziwaninso kuti maliro sagonekedwa nthawi yaitali, amatha kuikidwa tsiku lomwelo, choncho ndalama ndi galimoto zisadikire siginecha ya mawa.

Chimene ndikupemphani kwambiri ndi chakuti m'imelo imeneyi musalowetsemo ntchito ngakhale pang'ono. Ndikudziwa kuti awa ndi osunga mabuku, mwina mwezi ukutha ndipo malipiro a anthu ali m'manja mwawo. Bambo anga atamwalira, kumene ndinkagwira ntchito nthawi imeneyo ananditumizira uthenga wokoma ndithu, koma pansi pake anaika kamzere kofunsa komwe ndinasiya makiyi a kabati ya mafailo. Ndinauwerenga titangochoka kumanda, dothi lidakali ku nsapato. Mawu onse a pamwamba aja ndinawaiwala, koma kamzere kamakiyi ndikukakumbukirabe mpaka lero. Ngati pali chinthu chomwe simungachitire mwina, mnzawo amene amagwirizana naye afunse payekha, tsiku lina, maliro ataikidwa. Chimodzimodzinso kalata yotsimikizira imfa: ngati malamulo anu amaifuna, mudzaipemphe akabwerera.

Onetsetsaninso ubale wake musanalembe. Kwathu kuno munthu akati "amayi anga" akhoza kutanthauza amayi omubereka, kapena amayi aang'ono amene anamulera kuyambira ali wakhanda. Malamulo a makampani ambiri amangotchula kholo, mwana ndi mwamuna kapena mkazi wa wantchito, ndipo pamenepo mpamene abwana ena amalakwitsa, n'kulemba kuti "mchemwali wa amayi anu" pofuna kuti zigwirizane ndi fomu. Lembani mmene mwiniwake watchulira. Ngati malamulo sakulola masiku onse, kambani zimenezo ndi akuluakulu anu, musakambe ndi namfedwa.

Pomaliza, imelo iyi ipite kwa iwo okha, ichokere pa dzina lanu, osati kukopera ofesi yonse. Ya anzawo mulembe ina yapadera yonena za tsiku loika maliro, galimoto inyamuka nthawi yanji, ndi amene akutolera chipepeso cha antchito. Ndalama ya antchitoyo ikaperekedwe payokha kumaliro, kuti ikalengezedwe pamodzi ndi zipepeso zina.